Ndani waluma mnzake? Mmene makina a zilankhulo amadziwira mawu amene atsogola

"Galu waluma mwana" ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala. "Mwana waluma galu" ndi nkhani yoti mudzi wonse ukhoza kuikamba mpaka chaka chamawa. Mawu ake ndi atatu omwewo, palibe lochotsedwa kapena lowonjezedwa, ndipo mneni sakutithandiza chifukwa "wa-" wa mu "waluma" akugwirizana ndi galu komanso ndi mwana. Chimene chikutiuza woluma ndi wolumidwa ndi malo okha: amene wakhala kutsogolo ndiye waluma.

Munthu saganizako n'komwe za zimenezi. Koma mapulogalamu akuluakulu amene masiku ano amamasulira zilankhulo ndi kulemba ziganizo ali ndi chilema chobadwa nacho pa nkhani yomweyi. Pafupifupi onse amamangidwa pa kapangidwe kotchedwa transifoma, kamene akatswiri asanu ndi atatu, Ashish Vaswani ndi anzake, anakafotokoza mu 2017 pa kafukufuku wa ku Google, m'pepala lotchedwa "Attention Is All You Need". Mtima wa transifoma ndi kawerengedwe kotchedwa atenishoni, ndipo atenishoni payokha siitha kusiyanitsa ziganizo ziwiri zija. Sikuti imalakwitsa mwa apo ndi apo. Masamu ake enieniwo alibe polowera dongosolo la mawu, moti malo a liwu lililonse amachita kuwathiramo padera.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi zimene kompyuta imaona. Liwu lililonse limasandutsidwa mndandanda wa manambala, umene a masamu amautcha vekitala. Mu transifoma ya 2017 mndandanda wa liwu limodzi unali ndi manambala 512. Manambalawa amatengedwa m'tebulo: liwu loti "galu" lili ndi mzere wakewake, ndipo mzerewo ndi womwewo kaya galuyo ali koyambirira kwa chiganizo kaya kumapeto.

Ntchito ya atenishoni ndi kulola liwu lililonse kuti litapeko tanthauzo kwa anzake a m'chiganizomo. Kuchokera pa mndandanda wa liwu amapanga mindandanda ina itatu. Woyamba, umene m'masamu amaulemba Q, ndi funso: liwuli likufunafuna chiyani kwa anzake. Wachiwiri, K, ndi chizindikiro chimene liwu limaonetsa kwa amene akufunafuna. Wachitatu, V, ndi zimene liwulo lipereke ngati lasankhidwa. Funso la liwu limodzi amalifananiza ndi chizindikiro cha liwu lililonse, ndi cha ilo lomwe, ndipo pa kufananiza kulikonse pamatuluka nambala imodzi. Manambalawo amawasandutsa magawo oti onse pamodzi akwane 1. Kenako amatenga V wa liwu lililonse molingana ndi gawo lake, n'kuwonkhetsa.

Tiyese ndi manambala ang'onoang'ono oti munthu angawerengere pa pepala. M'malo mwa 512, liwu lililonse tilipatse manambala awiri, ndipo kuti zisatipanikize tingoti Q, K ndi V ndi mndandanda womwewo wa liwulo. Manambalawa ndangowasankha kuti tionere chitsanzo. Galu akhale (2, 0), "waluma" akhale (1, 1), mwana akhale (0, 1).

Mneni "waluma" ndiye akufunsa. Pofananiza mindandanda iwiri timachulukitsa nambala yoyamba ndi yoyamba inzake, yachiwiri ndi yachiwiri, n'kuphatikiza. Mneni ndi galu: 1 kuchulukitsa ndi 2, kuphatikiza 1 kuchulukitsa ndi 0, tapeza 2. Mneni ndi iye mwini: 2. Mneni ndi mwana: 1. Njira yosandutsira manambalawa kukhala magawo imatchedwa sofutimakisi, ndipo imakonda kukuza wamkulu ndi kuchepetsa wamng'ono. Ikadutsapo, galu amalandira 0.42, mneni 0.42, mwana 0.16. Tikatenga mindandanda itatu ija molingana ndi magawowa n'kuwonkhetsa, mneni watsopano, amene tsopano watapa za anzake, amakhala pafupifupi (1.3, 0.6).

Tsopano tembenuzani chiganizo chikhale "mwana waluma galu", muwerengenso. Mneni ndi galu ikadali 2, mneni ndi mwana ikadali 1. Magawo ndi omwewo. Kuwonkhetsa nakonso sikusamala kuti mwayamba ndi chiti: 2 kuphatikiza 3 ndi chimodzimodzi 3 kuphatikiza 2. Mneni atulukanso (1.3, 0.6), ndendende. Galu naye atuluka ndi manambala omwe anatuluka nawo poyamba, mwananso chimodzimodzi. Chimene chasintha n'chakuti zotsatirazo zasinthana mipando. Mungathe kusanjikiza atenishoni kasanu ndi kamodzi monga anachitira mu 2017, kapena maulendo zana, sizithandiza, chifukwa zigawo zina zimene zimakhala pakati pa atenishoni imodzi ndi inzake zimagwira liwu lililonse palokhapalokha ndipo nazonso sizidziwa kuti liwulo lakhala pati.

Wolankhula Chichewa akhoza kufunsa ngati malo ali ofunika choncho, popeza ife timasuntha mawu momasuka. N'zoona ndithu. "Mbuzi zinamugunda mwana" ndi "mwana zinamugunda mbuzi" ndi nkhani imodzi, chifukwa "zi-" akuloza mbuzi ndipo "-mu-" akuloza mwana. Sam Mchombo ndi Joan Bresnan analemba mwatsatanetsatane mu 1987 za ufulu umenewu, umene umabwera mneni akanyamula kachizindikiro ka pamtherankhani. Koma ufuluwo umatha pamene mayina awiri ali a gulu limodzi, monga galu ndi mwana, kapena chiganizo chikatalika n'kukhala ndi aneni atatu. Ndipo Chingerezi, chimene transifoma yoyamba inkamasulira kupita m'Chijeremani ndi m'Chifalansa, chimatsamira kwambiri pa malo a mawu kuposa Chichewa.

Nanga anthu anzeru chotere anapangiranji chinthu chakhungu? Anachita dala. Makina a m'mbuyomo ankawerenga chiganizo liwu limodzi pa nthawi, kuyambira kumanzere, akusunga zimene awerenga m'kachikumbumtima kamene kankasintha pa liwu lililonse. Dongosolo la mawu linkalowa lokha, koma mtengo wake unali waukulu: liwu la 50 silikanawerengedwa la 49 lisanathe, ndipo zimene zinanenedwa koyambirira zinkazilala chiganizo chikamatalika. Atenishoni imafananiza mawu onse ndi onse nthawi imodzi, ntchito imene imayenda mwachangu pa zipangizo za GPU zimene zimachita masamu ambirimbiri pakamodzi. Transifoma yaing'ono ya m'pepala lija anaiphunzitsa maola 12 okha pa zipangizo zotere zisanu ndi zitatu. Liwiro analipeza, koma anataya dongosolo, ndiye anayenera kulibwezeretsa mwa njira ina.

Njira yosavuta kuiganizira ndi yongolemba nambala ya malo, 0, 1, 2, 3, n'kuiphatikiza ku mndandanda wa liwu. Imeneyi imavuta msanga. Pofika pa liwu la 900, nambala ya malo yakula kwambiri moti yakwirira manambala ang'onoang'ono onyamula tanthauzo. Mukati mugawe ndi kutalika kwa chiganizo kuti zonse zikhale pakati pa 0 ndi 1, mwapalamula china: kusuntha malo amodzi kumakhala 0.2 m'chiganizo cha mawu asanu koma 0.01 m'chiganizo cha mawu zana, choncho "liwu loyandikana nalo" lilibe muyeso umodzi woti makina aphunzire.

Vaswani ndi anzake anasankha mafunde a saini ndi kosaini, amene amakwera ndi kutsika pakati pa 1 ndi -1 ndipo sapitirira pamenepo. Malo aliwonse amapatsidwa mndandanda wawo wa manambala 512, wofanana kutalika ndi wa liwu, motere:

```
PE(pos, 2i)   = sin(pos / 10000^(2i/512))
PE(pos, 2i+1) = cos(pos / 10000^(2i/512))
```

Apa pos ndi malo a liwu, ndipo i akuwerenga manambala awiriawiri, kuyambira 0 mpaka 255. Masamuwa asakuopseni; ganizirani za mivi ya wotchi. Saini ndi kosaini wa ngodya imodzi amangotiuza kumene muvi waloza, choncho manambala awiri aliwonse ndi muvi umodzi, ndipo wotchi yathuyi ili ndi mivi 256. Pa liwu lililonse lotsatira mivi yonse imasuntha, koma uliwonse pa liwiro lake. Muvi wothamanga kwambiri umazungulira kamodzi pa mawu oposa pang'ono asanu ndi limodzi. Wochedwetsetsa umafuna malo oposa 60,000 kuti uzungulire kamodzi. Muvi wa mphindi wokha sungakuuzeni nthawi, popeza umabwerera pamene unali ola lililonse, ndipo muvi wa maola wokha susiyanitsa bwino 3:10 ndi 3:12. Ukaiwerenga pamodzi m'pamene nthawi imadziwika. Chimodzimodzi pano: mivi yothamanga imasiyanitsa mawu oyandikana, yochedwa imanena ngati tili koyambirira kwa ndime kapena kumapeto kwake.

Tibwerere kwa galu wathu. Popeza tili ndi manambala awiri okha, tili ndi muvi umodzi, wothamanga uja. Malo oyamba, amene a makompyuta amawawerenga 0, amapereka (0, 1). Malo achiwiri amapereka (0.84, 0.54), achitatu (0.91, -0.42). Manambalawa amangophatikizidwa ku mndandanda wa liwu lisanalowe mu atenishoni. M'chiganizo "galu waluma mwana", galu asanduka (2, 1), mneni (1.84, 1.54), mwana (0.91, 0.58). Mneni akafananizidwa ndi galu patuluka pafupifupi 5.2, ndi iye mwini 5.8, ndi mwana 2.6, ndipo gawo la galu likhala 0.36. Tikatembenuza, mwana wakhala kutsogolo n'kusanduka (0, 2), galu wapita kumapeto n'kusanduka (2.91, -0.42). Mneni ndi galu tsopano ndi 4.7, mneni ndi mwana 3.1. Gawo la galu latsika kufika pa 0.25, la mwana lakwera kuchoka pafupifupi 0.03 kufika pa 0.05. Ziganizo ziwiri zija zayamba kupereka mayankho osiyana.

Tisafulumire kunena kuti makina amva nkhani. Manambalawa sakunena kuti wotsogola ndiye woluma. Iwo angochititsa kuti galu wa kutsogolo asiyane ndi galu wa kumapeto. Kuti kusiyanako kukutanthauza chiyani, makina amakuphunzira okha pambuyo poona ziganizo mamiliyoni, posintha pang'onopang'ono manambala amene amapanga Q ndi K. Chimene ambiri amadabwa nacho n'chakuti malo amawaphatikiza ku tanthauzo m'malo mowaika pambali pake. Kodi sizisokonezana? Pa manambala awiri monga m'chitsanzo chathu zikhoza kusokonezana kwambiri. Pa manambala 512 mpata ulipo wokwanira kuti makina aphunzire kuwerenga ziwirizi mosiyana, komanso mu pepala lija mndandanda wa liwu ankayamba auchulukitsa ndi pafupifupi 22.6 asanauphatikize ndi wa malo.

Amene amalemba mapulogalamu oterewa ali ndi njira yachidule yodziwira ngati malo akulowadi. Vutoli limabisala, chifukwa pulogalamu imene yaiwalidwa manambala a malo siima kapena kudandaula. Imaphunzira ndithu, ndipo pa ntchito zina, monga kunena ngati nkhani ndi ya mpira kapena ya ulimi, imakhoza bwino poti mawu okha amakwanira. Imagwa pa ntchito zofuna kudziwa amene wachita ndi amene wachitidwa. Zigawo za transifoma zimene zimabwera ndi PyTorch sizithira zokha manambala a malo, ndipo munthu angadzionere yekha:

```python
import torch
layer = torch.nn.TransformerEncoderLayer(8, 2, batch_first=True).eval()
x = torch.randn(1, 3, 8)
p = [2, 1, 0]
print(torch.allclose(layer(x)[:, p], layer(x[:, p]), atol=1e-5))
```

Mizereyi ikufunsa ngati kutembenuza mawu asanalowe kukupereka zofanana ndi kutembenuza zotsatira atatuluka. Yankho limabwera True, kutanthauza kuti chigawochi sichinaone dongosolo. Mukayesa zomwezi pa pulogalamu yanu yonse, kuyambira pa mawu enieni, yankho n'kubweranso True, dziwani kuti malo sakulowa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasintha nkhaniyi pang'ono. Makina olemba mawu, a mtundu wa GPT, saloledwa kusuzumira kutsogolo: liwu lililonse limaona lokha ndi amene ali m'mbuyo mwake. Liwu loyamba limangodziona lokha, lachiwiri limaona awiri, lachikhumi limaona khumi. Chiletso chimenechi chimaulula kenakake za malo, ndipo kafukufuku wa Adi Haviv ndi anzake mu 2022 anasonyeza kuti makina otere amatha kuphunzira malo ngakhale osapatsidwa manambala a malo. Khungu lenileni lili pa atenishoni yoona mbali zonse, ngati ya m'chitsanzo chathu. Komabe opanga makina akuluakulu ambiri sadalira mwayi umenewu, amathiramo malo ndithu.

Mafunde sanali njira yokhayo. Mu pepala lomwe lija anayesanso kungopanga tebulo la malo, mzere umodzi pa malo aliwonse, n'kusiya makina adziphunzirire manambala ake monga amaphunzirira a mawu. Zotsatira zinali pafupifupi zofanana. BERT wa mu 2018 anatenga njira ya tebulo ndi mizere 512, GPT-2 anatenga mizere 1,024. Malire ake ndi oonekeratu: malo a 513 mu BERT alibe mzere, choncho nkhani yaitali iyenera kudulidwa kapena kugawidwa. Olemba a 2017 anasankha mafunde poyembekezera kuti athandiza pa ziganizo zazitali kuposa zimene makina anaphunzira nazo, popeza saini amatha kuwerengedwa pa nambala iliyonse. Chiyembekezocho sichinakwaniritsidwe. Manambala a malo atsopano amapezeka, koma makina sanaonepo mivi italoza motero, ndipo akapitirira utali umene anazolowera luso lawo lolosera liwu lotsatira limagwa msangamsanga.

Ine ndimaona kuti vuto lenileni la njira ziwirizi n'lakuti zimayankha funso limene chilankhulo sichifunsa kawirikawiri. Mneni safuna kudziwa kuti galu ali pa malo a 102 m'nkhani yonse. Akufuna kudziwa kuti galu ali pambuyo pake penipeni. Peter Shaw ndi anzake anayamba kale mu 2018 kuthira mtunda wa pakati pa mawu awiri mkati mwa atenishoni momwemo, koma njira imene yafala kwambiri ndi ya Jianlin Su ndi anzake ya mu 2021, yotchedwa RoPE, imene LLaMA wa kampani ya Meta anagwiritsa ntchito mu 2023 ndipo ambiri anatsatira.

RoPE saphatikiza kanthu ku mndandanda wa liwu. Amatenga Q ndi K, n'kuwagawa manambala awiriawiri, awiri aliwonse n'kuwaona ngati muvi, n'kuuzunguza molingana ndi malo a liwulo. Tiyerekeze kuti muvi wina umazunguzidwa madigiri 30 pa malo aliwonse. Galu ali pa malo a 2, wazunguzidwa madigiri 60. Mneni ali pa malo a 3, wazunguzidwa madigiri 90. Kufananiza kuja kwa kuchulukitsa ndi kuphatikiza kumadalira utali wa mivi ndi ngodya ya pakati pake, ndipo kuzunguza kwawonjezera pa ngodyayo madigiri 30 okha, kusiyana kwa 90 ndi 60. Sunthani chiganizo chonse chipite pa malo a 102 ndi 103: mivi yonse iwiri yazungulira maulendo angapo, koma kusiyana kukadali madigiri 30. Tembenuzani mawu, galu abwere patsogolo pa mneni m'malo mwa pambuyo, kusiyana kukhala madigiri 30 kulowera mbali inayo, ndipo nambala yotuluka isintha. Motero mtunda ndi mbali zonse zalowa, ndipo zimalowanso mwatsopano pa atenishoni iliyonse, osati pakhomo pokha. Chaka chomwecho Ofir Press, Noah Smith ndi Mike Lewis anabwera ndi njira yosavuta kuposa apa, ALiBi, imene imangochotsera nambala ya kufananiza kachilango kokula molingana ndi mtunda. Anasonyeza kuti makina ophunzitsidwa pa malo 1,024 amagwirabe bwino pa 2,048.

RoPE naye ali ndi mpanda wake. LLaMA woyamba anaphunzitsidwa pa malo 2,048. Mivi yothamanga inazungulira kambirimbiri pa utali umenewo, choncho ngodya zake zonse makina anazizolowera. Mivi yochedwa sinamalize ngakhale kuzungulira kumodzi. Mukawapatsa nkhani ya malo 8,000, mivi yochedwayo imafika pa ngodya zachilendo, manambala a kufananiza amasokonekera, ndipo zolembedwa zimasanduka zopanda mutu. Akatswiri a ku Meta, Shouyuan Chen ndi anzake, anapeza mu 2023 kuti m'malo mopitirira mpanda ndi bwino kupanikiza malo onse kuti akwane mkati mwake. Ngati mukufuna malo 8,192, gawani nambala ya malo ndi 4, kuti liwu la 8,000 lizunguzidwe ngati la 2,000. Ngodya zonse zimakhala zodziwika, koma mawu oyandikana tsopano asiyana ndi kota chabe ya sitepe imene makina anazolowera, choncho pamafunika kuwaphunzitsanso pang'ono kuti azitha kusiyanitsa timipata tating'onoti. Ndi maphunziro owonjezera osapitirira masitepe 1,000 anafikitsa LLaMA pa malo 32,768.

M'nkhani yonseyi ndakhala ndikunena kuti "liwu", koma chimene makina amawerenga ndi tizidutswa totchedwa matokeni, ndipo nambala ya malo imaperekedwa kwa kachidutswa, osati kwa liwu lathunthu. Pulogalamu yodula mawu imaphunzira tizidutswa take kuchokera ku zolembedwa zimene inapatsidwa, zimene nthawi zambiri zimakhala zochuluka Chingerezi. Liwu lofala la Chingerezi limakhala kachidutswa kamodzi, pamene liwu ngati "sindinamuonenso" limaduka patizidutswa tingapo, kawirikawiri osati m'malo amene mphunzitsi wa Chichewa angadule. Zotsatira zake ndi ziwiri. Dongosolo la mkati mwa liwu, kuti "si-" atsogole, "-ndi-" atsatire, "-mu-" akhale pafupi ndi tsinde, nalonso limadalira manambala a malo omwewa, chifukwa popanda iwo tizidutswato tikanangokhala mulu wopanda woyamba. Ndipo malo 2,048 amene amanyamula masamba angapo a Chingerezi amadzaza msanga ndi Chichewa, moti nkhani imodzimodziyo ikamasuliridwa m'Chichewa imafika pa mpanda uja Chingerezi chikadali ndi mpata.